Kutseka maikolofoni, kuzimitsa kamera ndi kukweza dzanja mukuonetsa sikirini: kuyerekeza Zoom, Teams ndi Google Meet

Munthu amene wachita misonkhano ya pa intaneti kangapo amaloweza msanga mabatani otsekera maikolofoni, ndipo amafika powadina osayang'ana n'komwe. Vuto limabwera tsiku limene iyeyo ndiye akuonetsa sikirini yake kwa anzake. Galu wauwa panja, kapena jenereta ya kwa aneba yayamba kulira, iye wadina mabatani amene amadina masiku onse, koma maikolofoni ikadali yotsegula ndipo phokoso lonselo likupita kwa anthu makumi awiri amene akumvetsera. Ambiri amaganiza kuti pulogalamu yalakwitsa kapena netiweki yavuta, pamene chifukwa chake chili pena, ndipo chikamveka, kusankha njira yabwino sikuvutanso.

Kompyuta imakhala ndi mazenera ambiri otsegula nthawi imodzi, koma zenera limodzi lokha ndilo limalandira zimene mukudina pa kiyibodi, ndipo limeneli ndi lomwe mwalikhudza komaliza. Mukangomvetsera msonkhano, zenera la msonkhanowo ndilo lili patsogolo, choncho mabatani anu amafika kumene mukufuna. Mukayamba kuonetsa sikirini, mumadina pa Excel, pa PowerPoint kapena pa tsamba lina la Chrome, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene mwadina chimapita kwa pulogalamu imeneyo. Choncho poyerekeza Zoom, Teams ndi Google Meet, kufunsa kuti mabatani osavuta kuloweza ndi ati sikuthandiza kwenikweni. Chofunika kufunsa n'chakuti ndi iti mwa zitatuzi imene imamva mabatani anu pamene zenera lake lili kumbuyo, ndiponso chimachitika n'chiyani mabataniwo akagwera mu pulogalamu ina.

Tiyambe ndi Google Meet, popeza ndi kumene kulakwitsa kumapweteka kwambiri. Pa Windows, maikolofoni imatsekedwa ndi Ctrl+D, kamera imazimitsidwa ndi Ctrl+E, ndipo dzanja limakwezedwa ndi Ctrl+Alt+H. Pa Mac ndi Command+D, Command+E ndi Control+Command+H. Mabatani awiri oyambawo ndi afupi bwino, ndipo amadinika ndi dzanja lamanzere lokha. Koma Meet imakhala mkati mwa Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira intaneti, ndipo imamva kiyibodi pokhapokha tsamba lake likakhala patsogolo. Ilibe njira yolandirira mabatani kuchokera kumbuyo.

Tiyerekeze kuti msungichuma wa bungwe akuonetsa lipoti la ndalama mu Excel kudzera pa Meet. Wasankha kabokosi ka C8, mmene muli 450,000 ya mafuta a galimoto, ndipo pamwamba pake, mu C7, muli 120,000 ya madzi. Foni yake yalira, iye wadina Ctrl+D kuti atseke maikolofoni. Mu Excel, Ctrl+D amakopera zimene zili m'kabokosi ka pamwamba n'kuziika m'kabokosi kamene mwasankha. Nthawi yomweyo 450,000 ija yafufutika, mu C8 mwalowa 120,000, ndipo chiwerengero chonse cha pansi chatsika ndi 330,000 pamaso pa komiti yonse. Maikolofoni ikadali yotsegula, ndipo zimene akuyankhula pa foni zikumveka. Excel siipereka chenjezo lililonse, chifukwa kwa iyo limeneli ndi lamulo labwinobwino. Akazindikira msanga, Ctrl+Z amabweza zinthu mmene zinalili, koma akapitiriza n'kusunga fayiloyo, cholakwikacho chimapita kwa aliyense amene adzailandire. Njira yodziwira kuti zotere zachitika ndi yosavuta: mukadina mabatani a msonkhano koma chizindikiro cha maikolofoni osasintha, musadinenso kachiwiri, yang'anani kaye chimene chasintha m'zenera limene lili patsogolo.

Mabatani enawo a Meet nawo ali ndi eni ake kwina. Mu PowerPoint, Ctrl+D amapanga kope la silaidi kapena chinthu chimene mwasankha, ndipo mu Word amatsegula bokosi losinthira maonekedwe a zilembo. Pa tsamba lina la Chrome amafuna kusunga tsambalo m'ndandanda wa masamba okondedwa. Ctrl+E mu Word amaika ndime pakati pa tsamba, mu Excel amayesa kudzaza mzere wonse wotsika potengera zimene zili pafupi, ndipo pamene masilaidi a PowerPoint akuonetsedwa amasandutsa kolozera kukhala chofufutira. Ctrl+Alt+H mu Word amapaka mtundu pa mawu amene mwasankha. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munthu angafune kuti chichitike anzake akuona.

Chimene chimapulumutsa wogwiritsa ntchito Meet ndi kazenera kakang'ono koyandama kamene Chrome imatsegula, kotchedwa Picture-in-picture. Kamakhala pamwamba pa mazenera onse, kamaonetsa nkhope za ena mwa anzanu, ndipo kali ndi zizindikiro za maikolofoni, kamera ndi dzanja. Mungakatsegule pa madontho atatu a pansi pa msonkhano, ndipo Chrome yamakono imatha kukatsegula yokha mukachoka pa tsamba la Meet ngati mwailola kutero. Imeneyi ndi njira ya mausi, si ya kiyibodi, choncho imachedwerako pang'ono, koma ili ndi ubwino umodzi umene ndimauona kuti ndi waukulu: maso anu amaona nthawi zonse ngati maikolofoni ili yotseka kapena ayi. Kumbukirani kokha kuti ngati mwasankha kuonetsa sikirini yonse, kazenerako kangathe kuphimba manambala kapena mawu amene anzanu akufuna kuwerenga, choncho kakokereni pa ngodya yopanda kanthu musanayambe.

Zoom ndiyo yokha mwa zitatuzi imene inakonza nkhani imeneyi pa mabatani onse atatu, ndipo ndi pano pamene mpofunika kukhalitsa. Pa Windows, Alt+A amatseka ndi kutsegula maikolofoni, Alt+V amazimitsa ndi kuyatsa kamera, ndipo Alt+Y amakweza ndi kutsitsa dzanja. Pa Mac ndi Command+Shift+A, Command+Shift+V ndi Option+Y. Mukangoika pulogalamuyi osasintha kanthu, mabataniwa amachita monga a Meet, ndiye kuti amagwira ntchito zenera la Zoom likakhala patsogolo basi. Kusiyana kwake kuli m'makonzedwe, pamalo awa:

```
Settings > Keyboard Shortcuts > Enable Global Shortcut
```

Pamenepa mupeza ndandanda wa zochita zonse, ndipo chochita chilichonse chili ndi kabokosi kake kumanja. Mukachonga kabokosi ka pa mzere wa maikolofoni, Zoom imayamba kumva Alt+A kulikonse kumene muli, kaya muli pakati pa Excel kapena masilaidi adzaza sikirini yonse. Muyenera kuchonga mzere uliwonse paokha, wa maikolofoni, wa kamera ndi wa dzanja, chifukwa kuchonga umodzi sikukhudza inayo. Ntchito yonseyi siitenga mphindi ziwiri, ndipo imachitika kamodzi pa kompyuta iliyonse. Ngati mumagwiritsa ntchito ina ku ofesi ndi ina kunyumba, onetsetsani kuti zonse ziwiri zakonzedwa. Njirayi ili mu pulogalamu ya Zoom yoikidwa pa kompyuta. Amene walowa msonkhano wa Zoom kudzera mu Chrome, osaika pulogalamu, ali m'mavuto omwe aja a Meet.

Kuchonga tibokosi timeneti kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuudziwa musanayambe. Mu Excel, batani la Alt pamodzi ndi A limatsegula gawo la Data, ndipo mu PowerPoint limatsegula gawo la Animations. Zoom ikatenga Alt+A kukhala wake kulikonse, mapulogalamu amenewa salandiranso mabataniwo pa nthawi ya msonkhano, ndipo munthu wozolowera kuyenda mu Excel ndi kiyibodi adzapeza kuti akufuna kusefa manambala koma wadzitseka pakamwa pakati pa chiganizo. Anthu ambiri sagwiritsa ntchito Alt mwanjira imeneyo, choncho sataya kanthu. Amene amagwiritsa ntchito angathe kusintha mabataniwo pa tsamba lomwelo: mumadina pa mabatani olembedwawo, n'kudina atsopano amene mukufuna. Ndi bwino kusankha amene mapulogalamu anu a tsiku ndi tsiku sakuwagwiritsa ntchito, ndipo muwayese kaye muli nokha mu Word ndi mu Excel kuti muone ngati sakuchita kanthu kena.

Pali chinthu chimodzi cha Zoom chimene ndimachenjeza aliyense wogwira ntchito mu ofesi. Alt+S ndi mabatani oyambira ndi osiyira kuonetsa sikirini, koma mu Outlook ya pa kompyuta, imene maofesi ambiri anazolowera, Alt+S amatumiza kalata imene yatsegulidwa. Ngati mukuonetsa anzanu kalata imene simunamalize kulemba, n'kudina Alt+S kuti musiye kuonetsa pamene simunachonge kabokosi kake, kalatayo imanyamuka kupita kwa amene mwamulemba pamwamba. Batani la S lili pafupi ndi A, moti ngakhale amene amafuna kutseka maikolofoni angathe kuliphonya. Pa kalata imene simunamalize musaike dzina la woilandira pamene mukuionetsa pa msonkhano.

Zoom ilinso ndi zothandizira ziwiri zimene zimayenderana ndi nkhaniyi. Mukamaonetsa sikirini, zizindikiro za msonkhano zimasamukira pa kamzere koyandama pamwamba, ndipo kamzereka kamakonda kuphimba mayina a masamba a Chrome kapena mutu wa silaidi. Ctrl+Alt+Shift+H amakabisa, ndipo mukawadinanso kamabwerera. Kubisa kamzereka kumayeretsa sikirini, koma kumachotsanso chizindikiro chimene chikanakuuzani kuti maikolofoni ili bwanji, choncho ine sindikabisa pokhapokha ngati ndidzayankhula ndekha mpaka mapeto. Chachiwiri ndi Alt+T, amene amaimitsa chithunzi chimene anzanu akuona popanda kusiya kuonetsa. Iwo amakhala akuonabe silaidi yomaliza ija pamene inu mukufufuza fayilo ina, ndipo mukadinanso Alt+T chithunzi chimayambanso kuyenda. Pa zinthu zonse za Zoom, chimenechi ndicho chimateteza ulemu wa munthu kwambiri, ndipo nacho chimafunika kuchongedwa kabokosi kake kuti chizimveka kulikonse.

Microsoft Teams ili pakati pa ziwirizi. Mabatani ake ndi aatali, chifukwa onse amayamba ndi Ctrl+Shift: M ndi wa maikolofoni, O ndi wa kamera, ndipo K ndi wa dzanja. Pa Mac mumangoika Command m'malo mwa Ctrl. Onsewa amafuna kuti zenera la msonkhano likhale patsogolo. Akagwera kwina amachita zochepa poyerekeza ndi a Meet, komabe amachita. Ctrl+Shift+M mu Outlook amatsegula kalata yatsopano, ndipo mu Word amabweza ndime kumanzere. Ctrl+Shift+O mu Chrome amatsegula ndandanda wonse wa masamba amene munasunga, zomwe si aliyense angakonde kuti anzake a ku ntchito aziwerenge. Ctrl+Shift+K mu Word amasintha maonekedwe a zilembo zimene mwasankha. Ngozi yaikulu ili mkati mwa Teams mwenimweni: Ctrl+Shift+H amakutulutsani mu msonkhano, ndipo H ali pa mzere umodzi ndi K, pakati pawo pali J yekha. Munthu wofuna kukweza dzanja mwachangu, chala chikaterereka, amangozimiririka pa msonkhano.

Kwa amene ali pa Windows 11, pali njira imodzi imene imagwira ntchito kulikonse, ndipo ndi ya Windows yeniyeniyo. Win+Alt+K amatseka ndi kutsegula maikolofoni ya msonkhano wa Teams ngakhale muli mu PowerPoint kapena mu Excel, ndipo chizindikiro cha maikolofoni pa mzere wa pansi, pafupi ndi wotchi, chimasintha kuti muone zimene zachitika. Ubwino wake ndi wakuti Teams imadziwa za kusinthako, choncho anzanu nawo amaona kuti mwatseka. Malire ake ndi awiri. Choyamba, mabataniwa amagwira ntchito ndi mapulogalamu okhawo amene anakonzedwa kuti azimvana ndi Windows pa nkhani imeneyi, choncho musayembekezere kuti adzatseka maikolofoni ya Meet mkati mwa Chrome. Chachiwiri, ndi a maikolofoni yokha. Kamera ndi dzanja zimafunabe mausi, pa kamzere ka woonetsa kamene kamakhala pamwamba pa sikirini kapena pobwerera ku zenera la msonkhano. Amene akadali pa Windows 10 alibe Win+Alt+K. Ena amakumbukira chida cha PowerToys chotchedwa Video Conference Mute, chimene chinkatseka maikolofoni ndi kamera pa pulogalamu iliyonse, koma Microsoft inachichotsa mu 2025, choncho malangizo akale amene amachitchula sakuthandizanso.

Teams ili ndi yankho lina limene limachotseratu vutoli ngati chimene mukuonetsa ndi masilaidi. Mukasankha PowerPoint Live m'malo moonetsa sikirini, masilaidi amatsegukira mkati mwa zenera la msonkhano. Simuchoka mu Teams, choncho Ctrl+Shift+M, O ndi K onse amagwira ntchito, ndipo mumaona manja amene akwezedwa pamodzi ndi zolemba zanu za pansi pa silaidi zimene anzanu sakuziona. Kwa mphunzitsi kapena wophunzitsa antchito anzake, amene amayenera kuona yemwe wakweza dzanja, ndimaiona njirayi kukhala yoposa ina iliyonse m'nkhani ino. Sithandiza ngati mukufuna kuonetsa Excel imene mukuisintha pomwepo kapena pulogalamu ina ya ku ntchito.

Mapulogalamu atatu onsewa ali ndi njira yoyankhulira mwachidule pogwira batani, ndipo anthu ambiri amaikonda. Pa Zoom mumagwira batani lalitali lija lolekanitsira mawu, maikolofoni imatseguka, ndipo mukalisiya imatsekanso. Pa Meet ndi batani lomwelo, koma muyenera kuyamba mwaliyatsa m'makonzedwe a mawu. Pa Teams ndi Ctrl pamodzi ndi batani lalitalilo, kapena Option ndi batanilo pa Mac. Kwa womvetsera amene amangoyankha kuti wamva kapena wavomereza, njirayi ndi yabwino kwambiri, chifukwa sangaiwale kutsekanso. Kwa woonetsa sikirini ndi msampha. Masilaidi akamaonetsedwa, batani lalitalilo limapititsa silaidi patsogolo, ndipo mukaligwira osasiya limathamangitsa masilaidi angapo motsatizana, n'kuulula zimene munkafuna kunena kumapeto. Mu Word limadzaza mipata pakati pa mawu, ndipo pa kanema limaimitsa kapena kuyambitsa kanemayo. Woonetsa sikirini ndi bwino aiwale za batani limeneli kufikira atamaliza.

Ena amathawa zonsezi podalira zipangizo zogwirika ndi manja. Mahedifoni ambiri a ku ofesi ali ndi kabatani kotsekera maikolofoni pa waya kapena pa khutu, ndipo malaputopu ambiri ali ndi batani la maikolofoni pa mzere wa pamwamba, kawirikawiri F4 pa a Lenovo ndi Dell. Zimenezi sizisamala kuti ndi zenera liti lili patsogolo, ndiponso sizisamala kuti msonkhano ndi wa Zoom, Teams kapena Meet, choncho munthu amaloweza chinthu chimodzi basi. Vuto lake ndi lakuti pamakhala zotsekera ziwiri zimene nthawi zambiri sizidziwana. Mungathe kutseka pa hedifoni pamene pulogalamu ikuonetsa kuti maikolofoni ndi yotsegula, ndipo pakapita mphindi khumi mumayamba kuyankhula, mukuona chizindikiro chabwinobwino pa sikirini, koma anzanu sakumva kanthu. Chizindikiro cha vutoli ndi chakuti kamtundu kobiriwira kapena timizere tosonyeza kukwera kwa mawu pa maikolofoni ya pulogalamu sitikugwedezeka pamene mukuyankhula. Mahedifoni ena, makamaka olumikiza pa USB amene anapangidwira Teams kapena Zoom, amauza pulogalamu zimene mwachita ndipo zotsekera ziwirizo zimayendera limodzi, koma timahedifoni ta foni tolowetsa pa kabowo kozungulira sitichita zimenezo. Ngati mwasankha njira ya hedifoni, siyani ya pulogalamu yotsegula nthawi yonse ndipo musasakanize ziwirizi pa msonkhano umodzi.

Pa kamera, kusiyana pakati pa kuphimba ndi kuzimitsa n'kofunika kwa ife amene timagula mabandulo a intaneti. Kachitseko kakang'ono kophimbira kamera pa laputopu kamachita mwachangu kuposa batani lililonse, ndipo palibe pulogalamu imene ingakalambalale. Koma pulogalamu imaonabe kuti kamera ndi yoyaka, ndipo anzanu amaona bokosi lakuda m'malo mwa dzina kapena chithunzi chanu, zimene zimachititsa ena kuganiza kuti magetsi akuthimirani kapena mwaduka. Kuzimitsa ndi Alt+V, Ctrl+Shift+O kapena Ctrl+E kumaimitsiratu kutumiza kanema wa nkhope yanu. Pamene mukuonetsa sikirini, kompyuta imatumiza zinthu zitatu nthawi imodzi, mawu, nkhope ndi sikirini, ndipo netiweki ikafooka mawu amayamba kudukaduka pamene manambala a pa sikirini amaoneka osamveka bwino. Kuzimitsa kamera ndi chinthu choyamba kuyesa zikatero. N'chifukwa chake ndimaona kuti kamera ndi bwino kuizimitsa musanayambe kuonetsa, zenera la msonkhano likadali patsogolo, mutatha kupereka moni nkhope ikuoneka. Mukatero, batani la kamera simudzalifunanso pamene mukufotokoza lipoti lanu, ndipo kufooka kwa Teams ndi Meet pa mbali imeneyi sikukukhudzaninso.

Kukweza dzanja ndi kumene kumasiyana ndi zinazo, chifukwa woonetsa sikirini nthawi zambiri ndiye ali ndi mpata woyankhula kale. Koma pali nthawi imene amakufuna ndithu. Mlembi amene akuonetsa chikalata pamene wapampando ndi mamembala akukambirana sayenera kungodula mawu akuluakulu, ngakhale ataona kuti ndime imene akukambirana si imene ili pa sikirini. Iye ali mu Word, akulemba zosintha zimene akumuuza, ndipo akufuna kukweza dzanja osachoka pamenepo. Pa Zoom yochongedwa bwino amadina Alt+Y n'kupitiriza kulemba. Pa Meet amadina chizindikiro cha dzanja pa kazenera koyandama kaja. Pa Teams ayenera kufika pa zizindikiro za msonkhano ndi mausi, kapena kubwerera ku zenera la msonkhano ndi Alt+Tab asanadine Ctrl+Shift+K. Dziwani kuti ngati mukuonetsa sikirini yonse, Alt+Tab amaonetsa anzanu tizithunzi ta mazenera anu onse otsegula, kuphatikizapo a macheza ndi makalata, pamene mukaonetsa zenera limodzi lokha iwo saona zimenezo. Dzanja likakwezedwa liyeneranso kutsitsidwa. Meet imalitsitsa yokha ikamva kuti mwayankhula, ndipo Teams imakukumbutsani, koma pa Zoom ndi bwino kudinanso Alt+Y mukangopatsidwa mpata, kuopa kuti wapampando angakuitaneninso pa nkhani imene mwanena kale.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu pa Zoom ndi mawu a kompyuta. Mukachonga Share sound poyamba kuonetsa, mawu a kanema amene mukuonetsa amayenda njira yawoyawo, yosiyana ndi ya maikolofoni. Alt+A amatseka pakamwa panu pokha, ndipo kanemayo amapitiriza kumveka. Zimenezi ndi zabwino pamene mukufuna kuti anthu amve kanema popanda phokoso la m'chipinda mwanu, koma zikutanthauzanso kuti kulira kwa uthenga umene wafika pa kompyuta yanu kumamveka kwa onse ngakhale mwatseka maikolofoni.

Kawirikawiri munthu sasankha yekha pulogalamu ya msonkhano, amangolandira ulalo umene watumizidwa, choncho chimene angasankhe ndi njira yoyenera pa pulogalamu imene wapatsidwa. Amene amaonetsa sikirini mlungu uliwonse ndipo ali ndi ufulu wosankha, makamaka ngati amaonetsa Excel kapena mapulogalamu ena amene amawasintha pomwepo, ndingamulangize Zoom yoikidwa pa kompyuta, atachonga mizere inayi ya maikolofoni, kamera, dzanja ndi kuimitsa chithunzi. Amene ofesi yake ili pa Teams aloweze Win+Alt+K ngati ali pa Windows 11, agwiritse ntchito PowerPoint Live pa masilaidi, ndipo dzanja azikweza ndi mausi chifukwa cha H amene ali pafupi ndi K. Amene ali pa Meet asadine Ctrl+D kapena Ctrl+E m'pang'ono pomwe pamene akuonetsa, atsegule kazenera koyandama asanayambe, ndipo ngati fayilo yake ndi ya ndalama, aonetse kope lake osati fayilo yeniyeniyo. Amene amasinthasintha pakati pa zitatuzi tsiku limodzi, mmawa Teams, masana Zoom, madzulo Meet, ndi amene amapindula kwambiri ndi hedifoni yokhala ndi batani lake, chifukwa zala zimaloweza mabatani a pulogalamu imodzi n'kuwadina mu ina.

Njira iliyonse imene mwasankha, iyeseni msonkhano usanafike. Yambitsani msonkhano wa inu nokha pa kompyuta, lowaninso mu msonkhano womwewo ndi foni yanu mutatseka maikolofoni ya foniyo ndi kutsitsa mawu ake kuti zisalire, kenako onetsani sikirini n'kudina pakati pa fayilo yopanda ntchito. Dinani mabatani atatu aja limodzilimodzi mukuyang'ana pa foni, pamene muona ngati maikolofoni yatsekadi, kamera yazimadi ndi dzanja laoneka pafupi ndi dzina lanu. Mukatero yang'anani fayilo ija kuti muone ngati muli chimene chasintha.